Ndinalipira feteleza, matumba sanabwere: ndichenjeze bwanji anzanga osagwa m'mlandu?

Mlimi_waDomwe:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pa 4 Novembala ndinagwirizana ndi munthu wina amene amatsatsa feteleza pa foni, akuti nyumba yake yosungiramo katundu ili ku Matundo, mu mzinda wa Tete. Matumba 8, asanu a 12-24-12 ndi atatu a yureya, thumba lililonse mametikali 2,400. Ndinatumiza 12,000 pa M-Pesa, otsalawo tinati ndidzapereka katundu akafika. Pa 7 anati ndiwonjezere 1,500 ya galimoto, ndinatumiza. Anati matumba atsika ku Ulongwe pa 9. Lero ndi pa 2 Disembala, chimanga chamera, thumba ndi limodzi lomwe sindinalione. Ndipo munthuyo akutsatsabe.

Ndalemba mawu awa kuti ndiwamwaze m'magulu a alimi: "CHENJERANI NDI MBAVA IYI! Munthu uyu ndi wakuba, wabera alimi ambiri a ku Angoniya, alibe ndi thumba limodzi lomwe. Mukamuona mugwireni." Pansi pake ndiika chithunzi chake, nambala yake, ndi dzina lomwe linatuluka pa M-Pesa. Koma mkazi wanga akuti ndikatumiza zimenezi womangidwa ndikhala ine. Zoona zimenezo?

Kachewere84:
Tumizani achimwene! Wakuba ndi wakuba. Mumutchule kuti chiyani, m'busa?

NaPhiri_Tsangano:
Mvereni mkazi wanu, bambo. Mlamu wanga analemba zonga zomwezi za munthu amene anamudyera ndalama za malata. Ndalama anadyadi, aliyense pamsika ankadziwa. Koma amene anayamba kulandira kalata yomuitana kupolisi ndi mlamu wangayo. Nkhani ya malata inaikidwa pambali, tsiku lonse anakambirana za mawu oti "mbava" ndi oti "banja lonse ndi la akuba". Mapeto ake anapepesa pamaso pa anthu, ndipo pa ndalama zakezo theka linapita ngati chipepeso.

Kachewere84:
Ndiye dziko lake limeneli. Wakuba ali ndi ufulu, wobedwa atseke pakamwa.

Mkulu_waMapepala:
Ayi a Kachewere, palibe akuti atseke pakamwa. Achenjeze ndithu, koma osati ndi mawu amenewo. A Mlimi, tiyeni tiwerenge zomwe mwalembazo chiganizo ndi chiganizo, ndipo pa chilichonse mudzifunse funso limodzi: atandiimika pamaso pa woweruza n'kunena kuti "onetsa", nditulutsa chiyani m'thumba?

"Ndi wakuba." Mutulutsa chiyani? Muli ndi uthenga wa M-Pesa wosonyeza kuti ndalama zinapita, muli ndi macheza osonyeza kuti analonjeza pa 9. Zimenezi zikuonetsa kuti munalipira ndipo simunalandire. Sizikuonetsa kuti pa tsiku lomwe ankalandira ndalamazo mumtima mwake anali atakonza kale zosabweretsa. Kusiyana kwa wangongole ndi wachinyengo kuli pamenepo, ndipo wogamula ndi khoti, osati inu. Malamulo aakulu a dziko lino la Mozambique, pa ndime 59, amati munthu saonedwa wolakwa kufikira khoti litagamula, ndipo pa ndime 41 amateteza dzina labwino la munthu aliyense, ngakhale amene wakukwiyitsani.

"Wabera alimi ambiri a ku Angoniya." Ndi angati? Ndi ayani? Ngati mukudziwa nkhani yanu yokha, chiganizochi ndi chongoganiza, ndipo ndi chimene chingakugwetseni msanga kuposa zonse.

"Alibe ndi thumba limodzi lomwe." Munafika ku Matundo n'kuona? Ngati ayi, mawa akajambula matumba khumi n'kuonetsa, bodza lagwera kwa inu.

"Mukamuona mugwireni." Ichi chokha chifufuteni lero lomwe. Tonse tikudziwa zomwe zimachitika pamsika munthu akakuwiridwa kuti wakuba. Akavulazidwa, uthenga wanu ndi umene udzawerengedwe.

Mlimi_waDomwe:
Za alimi ambiriwo ndinamva kwa mnyamata wina wa pa shapa, anati si ine woyamba.

Mkulu_waMapepala:
Mnyamata wa pa shapayo adzabwera kudzakuimirani umboni? Zomva musazilembe ngati zoona ndi maso. Lamulo la milandu la dziko lino, lija la nambala 24 la chaka cha 2019, limalanga woipitsa dzina la mnzake pagulu, kaya ndi pakamwa kaya polemba, ndipo silisiya kunja munthu wongobwereza zomwe wina wanena. Choncho mawu oti "ndinangomva" sakupulumutsani. N'chimodzimodzinso ife amene tingalandire uthenga wanu n'kuukankhira ku magulu ena.

Zobwe_Boy:
Koma ine ndimadziwa kuti ukanena zoona palibe mlandu. Chilungamo sichimangitsa. Ku Mwanza ndinaona nkhani ngati yomweyi inathera pomwepo, munthu atangoonetsa risiti.

Mkulu_waMapepala:
Za kutsidyako zisiyeni kutsidya, malamulo athu anachokera ku mbali ina. Mwalondola kuti risiti ndi chida chachikulu, popanda iyo musayambe n'komwe. Koma musaganize kuti choona chilichonse ndi chishango. M'buku la malamulo a pakati pa anthu, ndime 484 imati wofalitsa nkhani yotha kuwononga mbiri kapena kukhulupirika kwa munthu kapena kampani amalipira zomwe zawonongeka. Mawu oti "nkhani yabodza" mulibemo. N'chifukwa chake kupatula kuti nkhaniyo ndi yoona, payenera kuonekanso kuti munali ndi chifukwa chomveka choinenera, ndipo simunapyole pa chifukwacho. Kuchenjeza alimi anzanu amene akufuna kutumiza ndalama kwa munthu yemweyo ndi chifukwa chomveka. Koma mukawonjezera kuti amamwa, kuti anasiya mkazi, kuti kwawo ndi kwakuti, ngakhale zonsezo zikhale zoona, pamenepo simukuchenjezanso, mukumuvula.

MaiAChisomo:
Pepani kulowerera, kodi ameneyu si uja wamfupi amagulitsa pafupi ndi siteji ya ku Ulongwe? Chifukwa nanenso anandipatsa yureya wosakaniza ndi mchenga chaka chatha.

Mlimi_waDomwe:
Ayi mayi, uyu sindinakumanepo naye, zonse zinali za pa foni. Akuti ali ku Tete.

NaPhiri_Tsangano:
Mwaona? Dzina silinatchulidwe n'komwe, koma munthu wina wa ku Ulongwe walowa kale m'nkhani. Mayi a Chisomo, fufutani zimenezo, anthu amfupi ogulitsa pa siteji si ambiri, aliyense wadziwa amene mukunena.

MaiAChisomo:
Ine ndangofunsa. Koma mchengawo unalimo.

Dalaivala_N304:
Funso langa ndi lina. Mwati simunakumanepo naye. Ndiye chithunzi mukufuna kumwazacho ndi cha yani? Ine ndimayenda msewu wa Tete ndi Ulongwe sabata ndi sabata, nkhani izi ndimazimva m'galimoto. Ambiri mwa anthuwa amatenga chithunzi cha sitolo ya eni ake, nkhope ya munthu wina, n'kuziika pa WhatsApp. Inu mukamwaza nkhope ija mwaipitsa bambo wosalakwa amene mwina sakudziwa n'komwe kuti kuli Domwe. Komanso dzina linatuluka pa M-Pesa likufanana ndi lomwe anakuuzani?

Mlimi_waDomwe:
Silikufanana. Linatuluka la mzimayi. Ndinamufunsa tsiku lomwelo, anati ndi la mkazi wake, akuti akaunti yake ya M-Pesa yadzaza.

Dalaivala_N304:
Basi. "Yanga yadzaza" ndi nyimbo yawo. Mzimayiyo akhoza kukhala mkazi wakedi, akhoza kukhala wogulitsa tomato amene anapemphedwa kuti "ndilandilireni, ndikupatsani ya sopo", akhozanso kukhala gogo amene chitupa chake chinalembetsera nambala iye osadziwa. Dzina limenelo kaperekeni kupolisi, osati kugulu.

Kachewere84:
Chithunzi ayi, dzina ayi, wakuba ayi. Nanga chenjezolo likhala la chiyani? "Chenjerani ndi munthu wina wake kwina kwake"?

Mkulu_waMapepala:
Funso labwino limenelo, ndipo yankho lake lilipo. Munthu amamudziwa ndi zomwe iye mwini anaika poyera kuti agulitsire: dzina la tsamba lomwe amatsatsira, ndi nambala yomwe analemba pa malondawo. Zimenezo anaziika yekha pamsika, ndipo ndi zomwe mlimi wina adzakumane nazo. A Mlimi anganene moona kuti "ndinachita malonda ndi tsamba lakuti, pa nambala yakuti". Sanganene moona kuti "nkhope iyi ndi imene inadya ndalama zanga", chifukwa sakudziwa.

Koma musanamwaze kalikonse, chitani zinthu ziwiri. Choyamba, jambulani zonse lero: malonda ake, macheza onse kuyambira pa moni, mauthenga a M-Pesa ndi nambala zake za chitsimikizo. Mauthenga a mawu musawafufute. Mukangochenjeza anthu, tsambalo likhoza kusowa usiku womwewo. Chachiwiri, mulembereni uthenga umodzi wofatsa wompatsa tsiku lomaliza. Mwachitsanzo: "Pofika pa 9 Disembala ndilandire matumba 8 ku Ulongwe kapena ndalama zanga. Tsikuli likadutsa ndikadandaula kupolisi ndipo ndidziwitsa alimi anzanga zomwe zachitika." Lembani, musaimbe. Phindu lake ndi lakuti mawa sangadzanene kuti katundu anali m'njira inu n'kupupuluma, ndipo aliyense adzaona kuti munampatsa mpata.

Chenjerani ndi kalembedwe ka uthengawo. Nenani zomwe muli ndi ufulu wochita, basi. Mukalemba kuti "ukapanda kundipatsa 20,000 ndikuyalutsa dziko lonse", mwapempha zoposa zanu ndipo mwaopseza, mlandu watembenuka.

Fulankungo_Fodya:
Inu a Domwe mwachita kufuna. Feteleza wa 2,400 munamuona kuti nyengo ino? Mtengo wokhawo unayenera kukuuzani. Ife kuno timatenga wa ngongole ku kampani ya fodya, amadula inde, koma amafika.

Kachewere84:
Amafika, kenaka pogulitsa fodya mumalira. Tisayambe.

Fulankungo_Fodya:
Kulira ndi fodya m'shedi kuli bwino kuposa kulira ndi risiti m'foni.

MaiAChisomo:
Nanga feteleza wodutsa pa malire a Kalomwe uja ali pa bwanji tsopano? Ena akuti ku Dedza watsika.

NaPhiri_Tsangano:
Abale, munthu chimanga chake chikufuna chakudya, inu muli pa mitengo ya ku Dedza. Tsegulani nkhani yanu. A Mlimi, lembaninso tione.

Mlimi_waDomwe:
Ndayesa motere:

"Pa 4 Novembala ndinalipira mametikali 12,000 ndipo pa 7 ndinawonjezera 1,500 kwa wogulitsa feteleza wa tsamba lakuti, kuti andibweretsere matumba 8 pa 9 Novembala. Mpaka lero sanabweretse, ndalama zanga 13,500 anadya zonse ndipo anathawa, sayankha foni. Samalani."

Mkulu_waMapepala:
Tayandikira. Mafunso awiri. Sanabwezepo kalikonse? Ndipo mwati sayankha foni, anayankha komaliza liti?

Mlimi_waDomwe:
Pa 21 anatumiza 2,000, akuti ndigwirizire. Koma 2,000 n'chiyani pa 13,500? Kuyankha amayankha mwa apo ndi apo, Lachisanu lapitali analemba kuti galimoto inafera ku Moatize.

Mkulu_waMapepala:
Ndiye mawu atatu m'chenjezo lanu ndi abodza: "anadya zonse", "anathawa", "sayankha". Munthuyo akangoonetsa uthenga wa 2,000 ndi macheza a Lachisanu, anthu omwe mumafuna kuwachenjeza adzati mlimi uja ndi wabodza, ndipo zoona zanu zonse zidzapita limodzi ndi bodzalo. Zomukomera mdani wanu muzilembe ndinu, musadikire kuti azitulutse yekha. Ine ndikanalemba chonchi:

"Ndikudziwitsa alimi anzanga zomwe zandichitikira. Pa 4 Novembala ndinagwirizana ndi wogulitsa wa tsamba lakuti, nambala yakuti, kugula matumba 8 a feteleza pa mametikali 2,400 thumba. Ndinatumiza 12,000 tsiku lomwelo ndi 1,500 ya galimoto pa 7 Novembala, ku nambala imene iye anandipatsa, yolembetsedwa m'dzina lina. Analonjeza kuti katundu afika ku Ulongwe pa 9 Novembala. Sanafike. Pa 21 Novembala anandibwezera 2,000, ndipo akunena kuti galimoto inawonongeka. Ndinampatsa mpaka pa 9 Disembala kuti abweretse katundu kapena abweze 11,500 yotsala, tsikulo ladutsa. Mauthenga onse ndasunga. Ine sindidzalipiranso katundu ndisanamuone, ndipo ndikulangiza anzanga chimodzimodzi. Akabweza ndidzanena pompano."

Onani kuti mulibe mawu onyoza ngakhale amodzi, koma ndani angawerenge zimenezi n'kutumizabe ndalama? Owerenga adzagamula okha mumtima, ndipo zomwe agamulazo si mlandu wanu. Chiganizo chomwe chili ndi maganizo anu ndi chimodzi chokha, cha zomwe inu simudzachitanso, ndipo chimenecho palibe angachitsutse.

Zobwe_Boy:
Angowonjezera kuti "ndikuganiza kuti ndi wakuba" kapena "akuti ndi wakuba". Ukaika "ndikuganiza" sungamangidwe, amenewo ndi maganizo.

Mkulu_waMapepala:
Ayi mphwanga. "Ndikuganiza kuti mtengo wake ndi wokayikitsa", amenewo ndi maganizo. "Ndikuganiza kuti anaba" ndi kumunenera mlandu ndithu, mwangouveka chipewa. Chimodzimodzi kufunsa mwadala kuti "kodi ameneyu si wakuba?" Woweruza amaona zomwe owerenga amva, osati kachenjeredwe ka chiganizo.

Mphunzitsi_Ulongwe:
Ine ndikutsutsana nanu pa chinthu chimodzi, akulu. M'chenjezo lanu lija nambala yolandirira ndalama simunaitchule. Koma anthuwa tsamba amasintha ngati malaya, lero dzina ili mawa lina. Chimene sichisintha msanga ndi nambala yolandirira, chifukwa kulembetsa ina kumafuna chitupa. Mlimi wa ku Tsangano akauzidwa kuti "tumizani apa", chomwe chingamupulumutse ndi kuizindikira nambalayo. Mukaibisa, chenjezo lanu lateteza mzimayi mmodzi n'kusiya alimi makumi pangozi. Bwanji osalemba nambala popanda dzina?

Dalaivala_N304:
Nambala popanda dzina kulibe, aphunzitsi. Aliyense akaiyika pa M-Pesa ngati akutumiza, dzina limatuluka asanatsimikize. Mawa mzimayiyo aimbiridwa ndi anthu zana omutukwana.

Mphunzitsi_Ulongwe:
Ndiye alembe manambala anayi omalizira okha. Wouzidwa kuti atumize adzayerekeza n'kuzindikira, koma wofuna kutukwana sangaimbe.

Mkulu_waMapepala:
Zimenezo ndingavomere, bola chiganizo chikhale choti "ndalama ndinatumiza ku nambala yothera mwakuti, imene wogulitsayo anandipatsa", osanena kalikonse za mwini nambalayo. Koma ndikadakhala ine ndikanayamba ndakadandaula, nambala yonse n'kuisiya m'manja mwa apolisi.

Mphunzitsi_Ulongwe:
Apolisi akamafika pa nambalayo mvula idzakhala itatha. Ine ndikuti anayi omalizirawo alowe tsiku loyamba.

Mlimi_waDomwe:
Kudandaulako ndikadandaule kuti, kuno kapena ku Tete? Ndalama ya shapa yopita ndi kubwera ndi thumba lina la feteleza. Ndipo ndikakadandaula, ndingalembe m'chenjezomo kuti nkhani ili kupolisi?

Mkulu_waMapepala:
Yambirani kwanu konko, ku polisi ya boma la Angoniya kapena ku ofesi ya woimira boma pa milandu ku Ulongwe. Ngati nkhaniyo iyenera kupita ku Tete kapena ku SERNIC, nthambi yofufuza milandu, adzakuuzani ndi iwo. Tengani chitupa chanu, foni, ndi mapepala osindikiza a macheza ndi mauthenga a ndalama, muwasanje motsata masiku. Pemphani nambala ya dandaulo lanu muisunge. Kampani ya foni singakuuzeni inu za mwini nambala, koma ofufuza milandu ali ndi njira yofunsira. Ngati mukufuna wokuthandizani za malamulo ndipo mulibe ndalama ya loya, funsani a IPAJ, ntchito yawo ndi imeneyo.

Kumeneko nenani zonse momasuka, ngakhale zoti mukukayika kuti munapusitsidwa dala, ndi za mnyamata wa pa shapa zomwe. Kukayika kumanenedwa kwa ofufuza, osati pagulu. Mukonzekere kuti mwina adzakuuzani kuti iyi ndi ngongole chabe, makamaka chifukwa cha 2,000 ija. Ena amabweza pang'ono dala kuti nkhani ioneke choncho. Apa m'pamene anthu ena olipira kwa munthu yemweyo amafunika, aliyense ndi risiti yake.

Za kulemba: mukakadandauladi, lembani kuti "ndakadandaula kupolisi pa tsiku lakuti". Musalembe musanapite, ndipo musalembe kuti "apolisi akumusaka" pokhapokha atanena okha.

NaPhiri_Tsangano:
Ndiwonjezere za pambuyo potumiza, chifukwa mlamu wanga anagwera pamenepanso. Anthu adzayamba kuyankha pansi pake, wina "mbava", wina "ndikumudziwa, kwawo ndi kwakuti", wina aika chithunzi cha mwana wake. Inu musavomereze, musaike ngakhale kachizindikiro koseka. Lembani kamodzi kuti "ine ndanena zanga zokha, amene zinamuchitikira andilembere kumbali". Ndipo mutumize m'magulu a alimi ndi a malonda momwe iye amatsatsa, osati ku gulu la tchalitchi chake kapena kwa abale ake.

Kachewere84:
Kwa abale ake n'kumene ndalama zimatuluka msanga. Ine wanga ndinamuuzira amalume ake, sabata isanathe anabweza.

NaPhiri_Tsangano:
Kupita kwa amalume mwaulemu n'kukhala pansi ndi nkhani ina, imeneyo ndi njira yathu. Koma uyu amalume ake muwapeza kuti, munthu ngakhale dzina lake lenileni silikudziwika?

Mbatata_Biriwiri:
Ndangolowa kumene, sindinawerenge zonse. A Domwe, tsamba lake lili ndi chithunzi cha matumba oyera ataunjikidwa pafupi ndi geti lobiriwira? Ngati ndi limenelo ndilembereni kumbali. Mchimwene wanga anatumiza 6,000 mwezi wa Okutobala.

Mkulu_waMapepala:
Kumbali ndithu, musayerekeze pano. Mukapeza kuti nambala ndi imodzi, mchimwene wanuyo akadandaule payekha ndipo alembe chenjezo lakelake ndi masiku ake. A Mlimi asalembe m'malo mwake.

Mlimi_waDomwe:
Uthenga wa tsiku lomaliza ndatumiza, wauwerenga koma sanayankhe. A Biriwiri ndakulemberani. Za manambala anayi aja sindinaganize bwino, ndiona pa 9. Pakadali pano amene ali ndi matumba awiri a yureya kuno ku Domwe oti ndidzabweze pokolola andiuze, ndidzabwera ndi njinga kudzaona ndi maso.

Fulankungo_Fodya:
Awiri ndilibe, limodzi lilipo. Koma mudzatenge nokha, za shapa ine ayi.